Invoisi inapitirira ndi K582,500: momwe tinapepesera kasitomala popanda kugwada kapena kuloza chala a ku akaunti

Ndimayang'anira gawo la malonda ndi makasitomala pa kampani ina yosindikiza mabuku ndi zikalata ku Blantyre. Nkhani iyi ikukhudza invoisi imodzi yomwe tinatumiza kwa kasitomala wathu wakale, bungwe lomwe si la boma lophunzitsa alimi m'maboma a kum'mwera. Invoisiyo inali ndi ndalama zopitirira. Kukonza manambala sikunatenge ngakhale theka la ola. Chomwe chinatizunguza mitu ndi kalata yopepesa, ndipo ndi pa iyo pomwe ndikhalitse, chifukwa ambiri a ife timatha kuwerengera koma pofika polemba kuti talakwa dzanja limanjenjemera.

Chiyambi chake

Bungweli linaitanitsa timabuku 2,000 tophunzitsira alimi. Kotesheni yoyamba inali K1,850 kabuku kamodzi. Bambo woyendetsa pulojekiti ku bungweko anati ndalama sizikwana, ndiye anachepetsa masamba n'kusankha pepala lopepukirapo. Mnyamata wathu wa malonda anawapatsa kotesheni yachiwiri ya K1,600 kabuku, iwo anavomera, ndipo LPO yawo, chikalata choitanitsira katundu, inatuluka pa mtengo watsopanowo.

Pa mtengo umenewu ntchito yonse inali K3,200,000. VAT nthawi imeneyo inali 16.5%, yomwe ndi K528,000, ndiye zonse pamodzi zinayenera kukhala K3,728,000. Koma invoisi yomwe inatuluka kumapeto kwa Epulo inawerengera mtengo wakale uja: K3,700,000, VAT K610,500, zonse K4,310,500. Kusiyana kwake ndi K582,500, ndipo mwa ndalama zimenezi K82,500 ndi msonkho.

Ine sindinadziwe kanthu mpaka kumayambiriro kwa Juni, pomwe imelo ya mayi woona za chuma ku bungweko inafika. Anaikopera kwa mkulu wa bungwe lawo komanso kwa bwana wathu wamkulu, ndipo amene wagwirapo ntchito ya makasitomala amadziwa kuti munthu akayamba kukopera mabwana ndiye kuti mtima wafika pakhosi. Mawu ake anali ochepa. Anati analandira kalata yathu yowakumbutsa ngongole, koma invoisi yomwe tikuilondolayo sikugwirizana ndi LPO yawo, ndipo anatiuza kale zimenezi mwezi watha. Anafunsa ngati tikufuna kuti alipire ndalama zomwe sanagwirizane nafe.

Zomwe tinapeza

Ndisanalole aliyense kuyankha, ndinaitanitsa fayilo ya ntchitoyo n'kuyala mapepala pa tebulo: makotesheni awiri, LPO, jobu kadi, chikalata chomwe kasitomala anasainira polandira katundu, ndi invoisi. Vuto linaoneka pa jobu kadi. Pa kampani yathu jobu kadi imatsegulidwa kotesheni yoyamba ikangotuluka, ndipo a ku akaunti amalemba invoisi kuchokera pa iyo. Mtengo utasintha, mnyamata wa malonda anauza a ku makina za masamba ndi pepala, ndiye timabuku tinasindikizidwa bwinobwino, koma pa mzere wa mtengo panatsalabe K1,850. LPO inali mu imelo yake, sinafike ku akaunti. Mayi amene analemba invoisi anakopera zomwe anapatsidwa, osaphonya ngakhale tambala.

Chachiwiri chinali chowawa kuposa choyamba. Mayi wa zachuma uja ananena zoona kuti anatiuza kale. Mu Meyi anatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mnyamata yemweyo, iye n'kuyankha kuti "Chabwino mayi, tiona", basi nkhani n'kufera mu foni. Masiku 30 olipirira atadutsa, a ku akaunti anachita zomwe amachita ndi ngongole iliyonse yochedwa: anatumiza sitetimenti ndi kalata yokumbutsa.

Ndiye zolakwa zinali zitatu: mtengo wolakwika, kusayankha titauzidwa, ndi kulondola ngongole kwa munthu amene sanachedwetse kanthu. Kasitomala sanakwiyire manambala kwenikweni, poti mainvoisi olakwika amawaona sabata ndi sabata. Chinamupweteka ndi chachitatuchi, chifukwa kalata yokumbutsa inadutsa pa tebulo la mkulu wake ndipo iye anaoneka ngati akusungira mapepala a anthu mu dirowa. Kalata yopepesa mtengo wokha ikanakhala itaphonya bala.

Kalata yoyamba

Ndinamuuza mnyamata uja kuti alembe yekha kalata yopepesa, andionetse isanapite. Makalatawa analembedwa m'Chingerezi monga zimakhalira m'maofesi, koma pano ndawaika m'Chichewa ndipo ndachotsamo mayina ndi manambala a zikalata. Yoyamba inayamba motere:

"Mayi wolemekezeka, ndalemba kalatayi ndi mtima wosweka komanso manyazi aakulu. Sindikudziwa poyambira. Pepani, pepani kwambiri chifukwa cha kulakwitsa kosakhululukika kumeneku. Inu ndinu makolo athu ndipo popanda inu kampani yathu si kanthu. Ndikukupemphani modzichepetsa kuti mutikhululukire ndipo musatitaye. Ndikulonjeza kuti zimenezi sizidzachitikanso, ndipo tili okonzeka kuchita chilichonse chomwe mungafune."

Inapitirira tsamba lathunthu. Mawu oti pepani ndinawawerenga kasanu ndi kawiri, koma K582,500 sinatchulidwe paliponse, ngakhale nambala ya invoisi munalibe. Mnyamatayu sanalembe mwachinyengo, analidi ndi mantha, ndipo kwathu kuno munthu wamng'ono akalakwira wamkulu amadzichepetsa, palibe chachilendo. Koma ndinamufunsa funso limodzi: mayi aja akaiwerenga, achita nayo chiyani? Sangailowetse mu mabuku awo, sangaisonyeze kwa mkulu wawo ngati umboni woti iwo sanalakwe, ndipo sangalipire nayo. Chomwe kalata yotere imawasiyira ndi ntchito yotitonthoza. Munthu amene talakwira ndiye ayambe kulemba kuti musadandaule achimwene, zimachitika. Kumeneko n'kumusenzetsa katundu wina pamwamba pa amene tamusenzetsa kale.

Pali china chomwe anzathu ambiri saganizira. Kalata yopepesa za ndalama imaikidwa mu fayilo ya malipiro pamodzi ndi invoisi, ndipo mabungwe olandira ndalama za opereka thandizo amayenderedwa ndi maodita. Odita akapeza invoisi yopitirira ndi theka la miliyoni, pambali pake pali kalata yolira yonena za kulakwa kosakhululukika koma yosafotokoza chomwe chinachitika, amayamba kudzifunsa ngati kunali kulakwitsa kapena kuyesa mwayi. Kugwada kopitirira muyeso kumapangitsa nkhani yaing'ono kununkha ngati yaikulu.

Malonjezo awiri omalizawo ndinawadula popanda kukambirana. Palibe ofesi yolemba mainvoisi mazanamazana yomwe ingalumbire kuti sidzalakwitsanso, ndipo tsiku lomwe tidzaphonyenso, kalata ija idzatulutsidwa. Mawu oti chilichonse chomwe mungafune ndi kutsegula khomo loti atipemphe kuchotsera mtengo, pomwe mnyamatayu analibe mphamvu yochotsera ngakhale kwacha imodzi.

Kalata yachiwiri

Anabwerera kukalembanso, ndipo ulendo uno inali yaifupi, yooneka ngati ya munthu wodziwa ntchito. Manambala analimo. Koma pakati pake panali chiganizo ichi: "Titafufuza tapeza kuti anzathu a ku akaunti anagwiritsa ntchito mtengo wakale polemba invoisi, ndipo anatumizanso kalata yokumbutsa popanda kufunsa ofesi yathu. Tawalankhula kuti asamale."

Apa ndi pomwe nkhani inatsala pang'ono kutipulumuka. Chiganizochi mukachiyang'ana liwu ndi liwu sichinama: a ku akaunti anagwiritsadi ntchito mtengo wakale, ndipo sanatifunse. Koma chithunzi chomwe chimasiya n'chabodza, chifukwa mtengo wakalewo anawapatsa ndi ife. Mnyamatayu sanakhale pansi kuti aname. Anangolemba nkhani kuyambira pomwe dzanja lake linachokapo, zomwe tonse timachita tikapanikizika.

Ndinamuuza kuti ngakhale a ku akaunti akanakhala kuti alakwitsadi, chiganizochi sichikanatuluka. Kasitomala anachita mgwirizano ndi kampani, ndipo pamwamba pa invoisi pali dzina la kampani ndi TPIN, nambala ya msonkho ya kampani. Sanagwirizane ndi gawo la malonda palokha. Mukamuuza kuti ndi a ku akaunti, iye amamva kuti m'nyumba mwanu simulankhulana, ndipo amene akumulemberayo sangathe kumutsimikizira za invoisi yotsatira poti wanena yekha kuti si gawo lake. Komanso ganizirani amene adzaimbe foni kwa mayi aja mwezi wamawa kufunsa za malipiro. Ndi mayi wathu wa ku akaunti yemwe uja. Tikamunyozetsa lero, mawa akaimba adzayankhidwa kuti kodi mwaonetsetsa bwinobwino ulendo uno, ndipo ndalama zathu zomwe ndi zomwe zidzachedwe.

Tsoka lake, kalata yachiwiriyi anaisindikiza pa pulinta yomwe timagwiritsa ntchito tonse, ndipo mayi wa ku akaunti anaiona isanatengedwe. Sanakalipe. Anangobwera ku ofesi kwanga ndi jobu kadi m'manja, kuiika pa tebulo, chala chili pa K1,850, n'kunena kuti, "Bwana, kodi apa analemba ndine?" Kuyambira pamenepo tinali ndi anthu awiri oti tiwapepese, wina kunja wina m'kati.

Zomwe tinasankha tisanalembe kachitatu

Tinakhala pansi anthu anayi: ine, mnyamata wa malonda, mayi wa ku akaunti ndi akauntanti wamkulu. Ndinafuna kuti zochita zonse zithe kalata isanalembedwe, kuti izinena zomwe tachita kale. Kalata yongonena zomwe tidzachite ndi lonjezo linanso kwa munthu amene tinamuuzapo kale kuti tiona.

Funso loyamba linali la kakonzedwe ka invoisi. Mnyamata uja anati tingoisintha mu kompyuta n'kuitumizanso ndi nambala yomweyo. Akauntanti wamkulu anakana, ndipo anali ndi chifukwa. Fomu ya VAT ya mwezi uliwonse imapita ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndiye invoisi ya Epulo inali italowa kale mu fomu yomwe inapita mu Meyi, ndi VAT yake ya K610,500. Kuifufuta kukanachititsa kuti mabuku athu asagwirizane ndi zomwe tinauza boma, komanso pakanakhala mapepala awiri a nambala imodzi koma ndalama zosiyana, limodzi kwa ife lina kwa kasitomala. Njira yake ndi kirediti noti, chikalata chobweza zomwe zinalembedwa pa invoisi, chomwe chimasiya mapazi oti aliyense angawatsate.

Kenaka panali kusankha: kirediti noti ya K582,500 yokha, kapena yofafaniza invoisi yonse n'kutulutsa ina yatsopano? Kwa ife zonse zinali chimodzimodzi. Ndinati tifunse mwiniwake, ndipo foni imeneyo inakhalanso mpata wopepesa pakamwa kalata isanafike. Ndinaimba ndine, mnyamata uja ali pomwepo. Ndinati, "Mayi, mwanena zoona, invoisi ija ndi yolakwika ndipo kulakwa n'kwathu. Munatiuza mu Meyi, ife sitinakonze. Pepani. Ndaimba kuti ndimve njira yomwe ikupepukireni pokonza." Anakhala chete pang'ono, kenaka anayankha za ntchito basi. Anati ofesi yawo salipira pokhapokha invoisi, LPO ndi chikalata cholandirira katundu zikugwirizana ndendende, ndiye akufuna invoisi yatsopano ya K3,728,000, yakaleyo ifafanizidwe yonse. Tikanangoganiza tokha tikanatumiza kirediti noti ya kusiyana kokha, ndipo akanatibwezera.

Tinagwirizananso kuti masiku 30 olipirira ayambe kuwerengedwa pa tsiku la invoisi yatsopano, ndipo kalata yokumbutsa ija ichotsedwe pa mbiri ya kasitomalayu. Bwana wamkulu anafunsa ngati tingachotsereko kenakake kuti mtima ukhale pansi. Ndinakana, ndipo ndikanakanabe lero. Bungweli silinataye ndalama, poti silinalipire. Kuchotsera kukanapangitsa kuti invoisi isagwirizanenso ndi LPO, vuto lomwe lija kubwerera mbali ina. Ndipo kwa bungwe loyenderedwa ndi maodita, mphatso yobwera pambuyo pa invoisi yokayikitsa imafuna kufotokozedwa, ndiye tikanawapatsa ntchito ina m'malo mowapepuza. Kukanakhala kuti analipira kale ndalama zopitirirazo n'kukhala nazo ife kwa miyezi, nkhani ikanakhala ina.

Chomaliza, mayi wa ku akaunti anatulutsa mainvoisi ena onse a bungweli a chaka chimenecho n'kuwayerekeza ndi ma LPO awo. Onse anali bwino. Izi tinachita chifukwa munthu akapeza cholakwa chimodzi, funso lomwe limamubwerera ndi loti nanga enawo.

Kalata yomwe inapita

"Mayi,

Invoisi yomwe tinakutumizirani ya timabuku 2,000 ndi yolakwika. Tinawerengera K1,850 kabuku kamodzi m'malo mwa K1,600 yomwe tinagwirizana ndipo ili pa LPO yanu, motero inapitirira ndi K582,500 kuphatikizapo VAT. Kulakwa n'kwathu: mtengo utasintha, sitinausinthe pa chikalata chomwe timalembera invoisi. Munatidziwitsa mu Meyi koma sitinakonze, ndipo pambuyo pake tinakutumizirani kalata yokumbutsa ngongole yomwe simunayenere kulandira. Ofesi yanu sinachedwetse malipiro aliwonse. Pepani chifukwa cha zimenezi komanso nthawi yomwe mwataya potilondola.

Pamodzi ndi kalatayi tatumiza kirediti noti yofafaniza invoisi yonse ya K4,310,500, ndi invoisi yatsopano ya K3,728,000. Masiku 30 olipirira ayambira pa tsiku la invoisi yatsopanoyi, ndipo kalata yokumbutsa ija musaiwerengere. Taonanso mainvoisi anu ena onse a chaka chino ndipo akugwirizana ndi ma LPO anu. Kuyambira tsopano sititulutsa invoisi yanu tisanaiyerekeze ndi LPO.

Ngati pali china chomwe ofesi yanu ikufuna kuti fayilo itsekedwe, ndiimbireni ine."

Mawu oti pepani alimo kamodzi, ndipo akubwera pambuyo poti tanena chomwe tikupepesacho. Mnyamata uja anadandaula kuti ikumveka youma, ngati sitikumva chisoni. Ndinamuonetsa kuti chisonicho chili m'chiganizo choti munatidziwitsa koma sitinakonze, chifukwa ndi chomwe chinali chovuta kulemba, ndipo amene akuwerenga amadziwa kuti tikanatha kuchibisa.

Taonaninso kuti zochita zonse zili ndi mwini: tinawerengera, sitinausinthe, sitinakonze, tinakutumizirani. Panali pomwe akauntanti wamkulu anafuna kuti tilembe kuti panachitika kulakwitsa pa invoisi. Ndinakana, chifukwa kulakwitsa sikuchitika kokha ngati mvula. Kalembedwe kobisa wochita kameneka ndi njira ina yozembera, yaulemu chabe, ndipo anthu a zachuma amaizindikira msanga. Koma mwiniyo ndi ife, kampani yonse. Sitinatchule gawo lililonse, ngakhale la malonda lomwe linalakwadi. Kumutchula mnyamata uja kukanakhala kuloza chala komwe kuja, kungosintha wolozedwa. Za amene anaiwala chiyani ndi nkhani ya m'nyumba, ndipo tinaikamba m'nyumba.

Chifukwa chake tinachifotokoza m'chiganizo chimodzi chokha. Chikasowa, owerenga amadzipangira chawo, ndipo pa nkhani ya ndalama chomwe amadzipangira sichikhala chabwino. Chikatalika, kufotokoza za jobu kadi, kuchuluka kwa ntchito mwezi umenewo ndi kuzima kwa magetsi, chimasanduka kudziikira kumbuyo.

Chiganizo choti ofesi yanu sinachedwetse malipiro aliwonse ndi chomwe ndimachiwerengera kwambiri m'kalata yonseyi. Sitinalembere mayi aja, poti iwo amadziwa kale. Tinalembera mkulu wawo, amene anaona kalata yokumbutsa ija. N'chifukwa chake tinayankha pa imelo yomwe ija, onse amene anakoperedwa akuona. Munthu amene wachititsidwa manyazi pamaso pa bwana wake amafunika kuyeretsedwa pamaso pa bwana yemweyo.

Pa za wosaina tinasiyana maganizo. Ena anati asaine mnyamata wa malonda poti kasitomala ndi wake ndipo aphunzirepo. Ndinasaina ndine, chifukwa nkhani inali itafika kale kwa mabwana, ndipo malonjezo a masiku olipirira ndi kuyerekeza ma LPO amafuna munthu amene ali ndi mphamvu yowasunga. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ikanakhala kuti yagwidwa tsiku loyamba, isanakwere, akanasaina iye. Mayi wa ku akaunti anaiwerenga isanapite, kuona manambala, komanso kuti aone ndi maso ake kuti chiganizo chija chachoka. Zonse zinatuluka tsiku lomwelo lomwe imelo ya kasitomala inafika, dzuwa lisanalowe.

Zomwe zinatsatira

Yankho linabwera m'mawa mwake, mzere umodzi: alandira, ndipo akufuna kalatayo ndi kirediti noti pa pepala, zosainidwa ndi kudindidwa chidindo. Tinatumiza mesenjala. Analipira masiku 30 aja asanathe. Sananene kuti atikhululukira, ndipo mnyamata uja anakhala sabata yonse akudikira mawu amenewo. Ndinamuuza kuti asawapemphe. Ntchito yotsatira inabwera patapita miyezi ingapo, koma ndi lamulo latsopano loti nambala ya LPO izilembedwa pa invoisi iliyonse, ndipo mayi aja kwa nthawi ndithu ankandikopera ine pa imelo iliyonse yomwe alembera mnyamatayo. Chikhulupiriro chawo mwa iye chinabwerera pang'onopang'ono, ndipo kalata sikanatha kufulumizitsa zimenezo.

M'nyumba ndi momwe munatenga nthawi. Mnyamata uja anapita yekha kukapepesa kwa mayi wa ku akaunti, ine osakhalapo, koma kwa milungu ingapo jobu kadi iliyonse yochokera kwa iye inkabwezedwa ikangosowa kadontho. Sindinalowererepo, poti zomwe ankabwezazo zinalidi zosakwanira. Tinasintha zinthu ziwiri. Invoisi siituluka popanda LPO kapena kotesheni yomaliza yomatidwa pa jobu kadi, ndipo a ku akaunti asanatumize kalata yokumbutsa ngongole amafunsa wamalonda ngati kasitomalayo anadandaulapo kanthu. Chachiwirichi chimachedwetsa makalata okumbutsa ndi tsiku limodzi kapena awiri, ndipo akauntanti wamkulu sanachikonde. Anavomera pokhapokha titagwirizana kuti wamalonda akapanda kuyankha pofika mawa lake masana, kalata izipita, ndipo zikavuta mlandu ukhale wa ku malonda.